Timawu Titatu ta Wailesi

Achimwene anga anali mphunzitsi kwathu zaka khumi ndi ziwiri, ndipo matenda auphunzitsi sanawachoke ngakhale atakwera ndege. Munthu wosafunsa! Atasochera mumsewu amalolera kuzungulira mpaka nsapato kutha, kusiyana ndi kuimitsa munthu n'kunena kuti sakudziwa.

Ine ndinayamba kubwera kunja kuno, ndimakolopa m'chipatala. Iwo atafika ndinawapatsa mpando wanga wautali kuti azigonapo, n'kuwapezera ntchito kufakitale yochapa nsalu za m'mahotela. Anawaika pa makina ositira, chigudumu chotentha chachitali ngati basi. Anthu awiri amagwira nsalu ya pabedi m'makona, kuikoka kuti iwongoke, n'kuilowetsa. Ikakhala ndi banga amaiponya m'dengu lofiira kuti ikachapidwenso. Ukangoyang'ana kumbali, chitsulo chimakupsompsona pamkono.

Chilolezo chawo chogwirira ntchito chinali cha chaka chimodzi. Kuti achiwonjezere pamafunika pepala losainidwa ndi bwana, mayi wamfupi wa magalasi, wosaseka wamba. Popanda siginecha imeneyo, achimwene akanabwerera kwathu ndi sutikesi yawo.

Chiyankhulo cha kuno anachiphunzira m'buku, ndipo galamala amaidziwa kuposa ine. Koma m'fakitale simuyankhulidwa za m'buku. Makina amasokosa, anthu amadula mawu pakati, theka linalo amamalizira ndi nsidze. Amene ankagwira kona inayo ya nsalu anali mayi wina yemwe onse amamutcha Wailesi, poti pakamwa pake sipazimitsidwa. Mayiyu anali ndi timawu titatu take. Akaponya nsalu m'dengu lofiira, amatinena. Mnzake akaweruka, amatikuwa akukweza dzanja, mnzakeyo n'kubweza akuseka. Dalaivala wa lole akanyamuka, timawu tomweto.

Aphunzitsi anakhala pansi n'kuwerengera. Nsalu ikupita, mnzake akupita, lole ikupita. Basi, ndiye kuti tikutanthauza "pitani bwino". M'buku sanatipeze, koma anati bukulo ndi lakale. Ine ndinali pompo, tikudya mbale imodzi tsiku lililonse. Kundifunsa? Ayi ndithu.

Lachiwiri la sabata yosainira, bwana anabwera ndi mlendo, mkulu wa hotela ina yaikulu amene ankafuna kuona ngati angamatumize nsalu zake kumeneko. Anazungulira, anagwiragwira matawulo, kenaka analunjika kukhomo. Achimwene anaona kuti mpata wodzionetsa ulemu ndi umenewu. Anavula chipewa, anagwira manja pamodzi, anawerama pang'ono, n'kutulutsa timawu tija momveka bwino, chilembo chilichonse pamalo pake.

Akuti Wailesi anazima koyamba chibadwire. Nsalu inalowa yokhota, palibe anaigwira. Mlendo anayang'ana kudenga. Bwana anavula magalasi, anawayang'ana achimwene kuyambira kumutu mpaka kuphazi, n'kutuluka.

Madzulo anandifotokozera akudabwa kuti anthu a kuno sayamika ulemu.

"Mwati munanena chiyani?" ndinafunsa.

Anabwereza. Mayo ine! Supuni inagwa.

"Achimwene, mwawauza abwana anu kuti, 'Kawolere uko, chisanza!'"

"Iwe, usandinamize. Wailesi amauza anzake tsiku lililonse, iwo n'kumaseka."

"Anzake! Inu simunkamutcha mnzanu wa pa mpira uja kuti galu iwe? Munayesapo kuwatcha choncho apongozi anu?"

Ndinawafotokozera mokalipa, chifukwa mantha anga amatulukira m'kukalipa. Mawu oterewa ali ndi eni ake. Amayenda pakati pa anthu ofanana, otopa limodzi, ndipo amanenedwa mothamanga, pakamwa pakuseka. Ukawakweza kupita kwa wamkulu, amabwerera kukhala chipongwe chenicheni. Tsono iwo anawonjezera kuwerama ndi kuvula chipewa, zimene kuno sachita. Kwa bwana zinaoneka ngati sewero lokonzekera, lomunyoza pamaso pa mlendo.

Lachitatu bwana sanawayankhe moni. Lachinayi kunabwera uthenga woti akaonekere ku ofesi mawa lake, ndipo abwere ndi womasulira ngati akufuna. Ndinapempha tchuthi cha theka la tsiku. Njira yonse ndinkawalalatira. Mpando wanga ndinkaufuna, inde, koma osati mwa njira imeneyi.

Ofesiyo inali kachipinda ka galasi pamwamba pa makina, kotentha, konunkha sopo. Pepala lija linali patebulo, cholembera pambali pake.

Achimwene anayamba ndi chipepeso chimene analoweza, cha ndime zinayi. Bwana anawadula pa ndime yoyamba.

"Ndili ndi funso limodzi. Mumadziwa tanthauzo la mawu aja?"

Ndinamasulira, ngakhale anali atamva. Achimwene anazyolika. Munthu amene anaimapo kutsogolo kwa ana makumi asanu ndi atatu!

"Sindinkadziwa," anatero. "Ndinangoganiza. Ndinachita manyazi kufunsa."

"Munawamva kwa ndani?"

Apa ndinawaponda phazi kuti atchule. Iwo anangoti, "M'fakitale muli phokoso, mayi. Sindingaloze pakamwa pamodzi."

Ndinafuna kuwatsina. Koma chitseko chinatseguka osagogoda, Wailesi uyo, magolovesi ali m'manja. Anayankhula ngati mpopi wothyoka, ine kumasulira kunandikanika. Mwachidule anati mawuwo ndi ake, munthuyu ndi wopusa koma nsalu zake sizikhota, ndipo ngati pali wochotsedwa achotsedwe iyeyo, kungoti akatero makina aja adzaziona.

"Anaganiza kuti akutanthauza chiyani?" bwana anafunsa.

"Pitani bwino," ndinayankha ine.

Bwana anatseka pakamwa ndi dzanja. Mapewa anayamba kugwedezeka. Anayesa kutsokomola kuti abise, koma zinakanika, mpaka anavula magalasi kupukuta misozi.

"Ndiye mwakhala mukutsanzikana ndi ndani choncho?"

Achimwene anawerenga zala. Dalaivala wa basi. Mayi wa pa sitolo ya buledi. Dokotala wa mano.

Wailesi anakhala pansi penipeni, pasimenti, akuwomba ntchafu. Inenso ndinaseka, mtima uli m'malo koyamba sabata imeneyo, ngakhale buledi ndimagula pa sitolo yomweyo.

Bwana atapuma anaumitsanso nkhope. Anati iye anamuimbira kale foni mlendo uja n'kumupepesa, koma kuyambira lero mawu alionse atsopano achimwene azifunsa kaye asanawatulutse, ndipo Wailesi ndiye aziyankha, popeza ndiye mwini sukulu. Kenaka anapinda mkono wa bulauzi yake. Kuyambira pachigongono kutsika panali timizere toyera, zipsera zakale za chigudumu chija.

"Ndinaima pamene mumaima inupo zaka zisanu ndi zinayi," anatero. "Mawu amenewo ndinkawanena kuposa uyu. Muno amene angandiuze ine ndi amene wapsa nane limodzi. Onetsani mkono wanu."

Achimwene anaonetsa. Panali kachipsera kamodzi, kakang'ono ngati njere ya mpunga.

"Mukadali mwana." Anakoka pepala, anasaina, n'kuwakankhira. "Mukakwanitsa zaka zisanu muno, mudzabwere mudzandiuzenso. Ndidzakuyankhani."

Tinatsika masitepe. Tili panja, achimwene anaima, pepala lili pachifuwa.

"Mlongo," anatero, "ndifunse. Pepalali ndi la zaka ziwiri. Iwo anati zisanu. Ndamva bwino?"

"Mwamva bwino, achimwene."