Chaka cha alendo

Pa tchuthi cha Disembala ndinafika kwathu ku Tembwe n'kupeza atate ali ndi mapaundi asanu ndi limodzi, ndalama yeniyeni ya fizi yanga ya chaka chamawa. Iwo anafuna kulemba nayo aganyu, akuze munda wa mpunga kudambo, fiziyo idzachoke m'zokolola, poti sukulu inkalola kudikira mpaka nthawi yokolola.

"Matumba khumi ndi anayi, mwanawe," anatero. "Fizi kawiri!"

Kusekondale tinali titaphunzira kuti mawa sawerengedwa kamodzi. Ndinatenga kope n'kujambula mizere itatu: chaka chokoma, chaka cha masiku onse, chaka choipa.

Chaka cha masiku onse ndinalemba matumba khumi, paundi imodzi lililonse, ndiye kuti masheleni makumi awiri. Lole yopita ku Lundazi inkadya masheleni awiri pa thumba. Otsala, mapaundi asanu ndi anayi. Chaka chokoma, matumba a atatewo pa masheleni makumi awiri ndi awiri, chinasiya mapaundi khumi ndi anayi.

"Manje chachitatu, njovu zikalowa..."

"Iwe! Mpunga sunamere, uyamba kuziitana? Ndizo akuphunzitsa kumeneko?" anakalipa atate.

Kwathu nyamazo sitinkazitchula mbewu zili m'nthaka. Amayi, amene ankapeta pakhomo, sanatukule n'mutu womwe.

"Lemba kuti alendo. Alendo sakwiya," anatero.

Ndinalemba: chaka cha alendo. Matumba asanu, mtengo utatsika kufika pa masheleni khumi ndi asanu ndi atatu. Kuchotsa za lole, mapaundi anayi. Awiri operewera.

Atate anati wolakwa ndi wogula, amene amatsitsa mtengo mmene wafunira. Choncho ndinabwerera pa mzere wapakati n'kumasuntha chinthu chimodzi, zina zili chikhalire. Nditatsitsa mtengo wokha, tinataya paundi imodzi basi; fizi inalipo. Nditabweza mtengo n'kudula matumba okha pakati, panatsala mapaundi anayi ndi theka.

"Si wogula, atate. Ndi matumba. Akachepera asanu ndi awiri, ine ndakhala pakhomo, sukulu yatha."

Atate anayang'anitsitsa kopelo, ngakhale manambala anga ankawavuta. Ine ndinkafuna munda uja ukule, koma ndinkafunanso kubwerera kusukulu.

"Mapaundi awiri ndi mbuzi zingati?" anafunsa amayi.

"Zinayi."

"Ndiye zinayi zili m'kholamo musazikhudze, bambo. Pa Khirisimasi mudya nkhuku."

"Kalanga ine! Mwana ndi mayi ake andilanda nyama ndi pensulo."

Aganyu analembedwa, koma sabata yomweyo atate anamanganso nsanja ziwiri zolondera m'mbali mwa dambo.

Alendo anabwera kamodzi, mu Epulo, n'kudya ngodya ya kumtsinje. Kalata ya amayi inandipeza kusukulu mu Juni: matumba asanu ndi limodzi, mtengo wa masiku onse. Ndinawerengera m'mphepete mwa kalatamo. Panaperewera masheleni khumi ndi awiri. Pansi pake amayi anali atalemba kuti mbuzi ziwiri zapita kale kwa wogula, ndipo atate akuti masheleni otsalawo ndigule kope lina.