Makiyi a m'sitolo ya mabuku

Pasukulu ina ku Katuli, komwe boma linanditaya kuchokera kwathu ku Ntcheu, ndinali wachiwiri kwa ahedi. Ntchito yanga yeniyeni inali yotsuka mawu. Nkhani imodzi ndinkailemba katatu pafoni, aliyense ndi mulingo wake.

Lachisanu lina tinamva kuti oyendera masukulu abwera Lolemba, ndipo sitolo ya mabuku inafunika kukonza Loweruka. Kwa ahedi ndinalemba kuti: "Bwana, pepani kukusokonezani. Ndimati ngati mungalole, tikonze m'sitolo mawa." Kwa mphunzitsi mnzanga, yemwe tinkabwerekana njinga, sindinavutike: "Aise, mawa m'sitolo. Usandithawe ngati ulendo uja."

Wachitatu anali mlonda wathu, yemwe ankasunga makiyi. Pamalipiro anali wotsiriza, koma anali bambo wa imvi, wolemekezeka kumzikiti, ndipo ankanditcha mwanangu. Maso awo sankaonanso zilembo, choncho uthenga ankawawerengera mokweza aliyense amene ali pafupi. Ndinkalemba ndikudziwa kuti ulemu wawo uli m'makutu a anthu enawo. Ndinati: "Bambo, mwaswera bwanji? Chonde mutibweretsere makiyi a m'sitolo mawa m'mawa. Zikomo." Lamulo linalimo, koma lovala malaya.

Ndisanatumize, ahedi anasuzumira pafoni panga.

"Chonde? Zikomo? Ndiye kuti ine ndi mlonda tafanana eti?"

"Ayi bwana. Inu ndakupemphani chilolezo, iwowa ndawauza zochita. Kungoti ndi akulu."

"Wamkulu pano ndi mmodzi. Bweretsani kuno."

Anafufuta, n'kulemba kuti: "Iwe, makiyi mawa m'mawa. Usachedwe." Anatumiza ndi foni yanga, n'kundibwezera ngati andithandiza.

Ndinaimba nthawi yomweyo, koma netiweki ya ku Katuli imatumikira ikafuna. Uthengawo unawapeza pakhonde la mzikiti atangotha kuswali, ndipo amene anawawerengera anali mkamwini wawo. Ndinamva pambuyo pake kuti mnyamatayo anayamba mokweza, n'kumeza mawu pakati, koma "iwe" uja anali atatuluka kale pamaso pa akuluakulu onse.

Loweruka bambo aja anabwera m'mawa ndithu, atavala mkanjo woyera. Anaika patebulo makiyi a m'sitolo, kenako a ofesi, kenako a pageti, ndi tochi.

"Bambo, si ine ndinalemba zija," ndinatero.

"Nambala inali yanu. Mkamwini wanga ndikamuuze kuti chiyani?"

Lolemba ahedi analandira alendo atapinda msana, "mabwana" ali mbwee pakamwa, ndipo anayamikiridwa kuti sukulu ndi yaudongo. Ulemu ankaudziwa bwino munthu uja, kungoti wake unkangoyenda chokwera. Mpaka lero zimandiwawa.

Bambo aja sanabwererenso pantchito. Tinkakumanabe pamsika, ndipo sanandimane moni ngakhale tsiku limodzi. Ankaima patali, n'kuwerama pang'ono.

"Mwadzuka bwanji, abwana?"