Mgolo wa a Tanas ndi Chipata cha Zoni

Mu Valkanesh monse anthu amanena kuti a Tanas Arabaci anatulutsa mgolo wathunthu pachipata cha Zoni a kasitomu akuona, thabwa limodzi patsiku, atalibisa mumwendo wa buluku. Mboni zilipo zambiri, makamaka zimene sizinali pomwepo. Komabe kutsutsa n'kovuta, chifukwa mwezi umenewo mkuluyu ankayendadi mwendo wamanzere uli nga! ngati chitsulo, ndipo paukwati wa mdzukulu wake mgolo watsopano unaonekadi.

A Tanas anakulira pa matabwa. Bambo awo ankakhoma migolo ya vinyo, iwonso migolo yomweyo, mpaka zala zawo zinapindika ngati mikombero. Sukulu anaisiya msanga ponena kuti mabenchi ake anali opala moipa. Chimene amanyadira kuposa ana awo ndi riferendamu ya 1995, pamene tauni yathu inavota kulowa m'chigawo chodzilamulira cha anthu a mtundu wathu, Agagauzi, muno mu Moldova. Mukawamva akusimba mungaganize kuti anavota okha, enafe tinkangowagwirira jekete.

Kenaka kumapeto kwa tauni kunamangidwa mpanda, mkati mwake n'kukhala Zoni, malo a makampani kumene katundu wakunja amalowa opanda msonkho. Kampani ina ya vinyo inawalemba ntchito yokonza migolo kumeneko. Matabwa a thundu ankachokera ku France, osalipiridwa msonkho wa kasitomu, popeza vinyoyo ankapita kunja. A Tanas ankalowa m'mawa, kutuluka madzulo, ndipo mpandawo ankauyesa wotchinga mbuzi basi.

Atatsala pang'ono kupuma pantchito, mdzukulu wawo Nasta anapeza mwamuna wa ku Kahul, boma wamba loyandikana nafe. Kwa a Arabaci mtsikana sakwatiwa wopanda mgolo wokhomedwa ndi mkulu wa pakhomo. Amayi ake a Nasta anapita ndi wawo, azakhali akenso chimodzimodzi. Bwana wa kampani, pofuna kuwatsanzika bwino a Tanas, anawauza kuti asankhe matabwa abwino akhome mgolo wawo. Anaukhomadi, wosalala ngati tsaya la mwana, naulonjeza kwa Nasta pamaso pa achibale a mwamuna.

Tsiku loutulutsa anaukweza pawilibala. Pachipata panali Zinaida wa kasitomu, amene anaphunzira limodzi ndi mwana wawo wamkazi.

"Agogo, kodi katunduyu akupita kuti?"

"Kunyumba. Waiwala njira? Paja unkaba maapozi kumeneko."

Zinaida anaseka, koma chipata sanatsekule. Anawafotokozera mwaulemu kuti katundu wochoka m'Zoni kulowa m'tauni amatengedwa ngati akuchokera kunja kwa dziko. Kampani iyenera kumulembetsa kwa a kasitomu, msonkho n'kulipiridwa, ndiye atuluke. Anati si nkhani yovuta, bwana akhoza kuikonza mawa lomwe.

"Kunja kwake kuti? Mwana iwe, apa ndaimapa ndikuona denga la nyumba yanga. Dothi ili ndi la Agagauzi, ndinalivotera ine."

"Dothi ndi lathu ndithu, agogo. Koma thabwalo silinalowebe mu Moldova mwa lamulo la kasitomu."

A Tanas anabweza wilibala, naimika mgolo pakona ya nyumba yogwiriramo ntchito, naletsa bwana kulemba chilichonse.

Kunyumba mkazi wawo, mayi Stepanida, anangoti alipire nkhani ithe. A Profir, bambo a mkwati, atabwera kudzakambirana za nkhosa za paukwati, anamva zonse ndipo zinawakomera kwambiri. Anati iwo ku Kahul alibe Bashikani, mtsogoleri wa chigawo wosankhidwa ndi anthu, alibe nyumba ya malamulo, ali ndi khonsolo chabe yokangana za misewu, koma migolo yawo imafika kunyumba. Kenaka anadzipereka kulipira msonkhowo okha.

"Asebere, ndalama zanuzo mugulire mchere," anatero a Tanas. "Ine sindigula chinthu chimene manja anga apanga, pa dothi langa."

M'mawa mwake anavala jekete la kutchalitchi nakwera minibasi ya ku Komrat, likulu la chigawo, kudutsa m'midzi ya maboma ena, poti chigawo chathu chili zigamba zigamba ngati buluku la m'busa. Anakapeza phungu wa kwathu wa m'Nyumba ya Malamulo ya chigawo. Phunguyo anawalandira m'Chigagauzi, nawapatsa tiyi, namvetsera mpaka pamapeto. Ndiye anawauza kuti Nyumbayo imapanga malamulo a sukulu, a chikhalidwe, a kayendetsedwe ka chuma cha chigawo, zimene khonsolo ya a Profir singayerekeze. Koma malire a dziko ndi kasitomu ndi za ku Chisinau, likulu la dziko, ndipo Zoni inakhazikitsidwa ndi lamulo la dziko lonse. Ngakhale woiyang'anira amasankhidwa kumeneko. Ufulu wa chigawo ndi wina, ufulu wa Zoni ndi winanso. Woyamba ndi wa anthu, wachiwiriwo ndi wa katundu.

A Tanas anafunsa ngati Bashikani mwini wake atabwera ndi wilibala angadutse nawo mgolowo. Phungu anati ayi, nayenso angalipire. Akuti mkuluyu anamaliza tiyi wake, nathokoza chifukwa chomukana m'chinenero cha amayi ake, natuluka.

Ukwati unali utayandikira, mphesa zitakololedwa kale. Nasta anabwera kudzawauza kuti iye mgolo alibe nawo ntchito, vinyo angathe kusunga m'mabotolo. Agogo ake anamuyang'ana ngati watukwana m'tchalitchi.

"Iwe udzapita ndi mgolo. Ndipo palibe munthu adzalandire ngakhale kandalama ka leu imodzi."

Kuyambira pamenepo anayamba kudzitsekera m'shedi yawo akaweruka, ndiponso m'pamene mwendo unauma. Ankadutsa pachipata akuukoka, Zinaida n'kuwafunsa za thanzi, iwo n'kuyankha kuti ukalamba sulipira msonkho. Amuna a pamalo omwera anayamba kuwerengera matabwa. Ena anati mikombero ankaivala m'chiuno ngati lamba. A Tanas akafunsidwa ankangokweza galasi, osavomera, osakana, ndevu zikugwedezeka.

Tsiku la ukwati mgolo unafika pangolo, utamangidwa nsalu zopeta. Unali wocheperapo pang'ono, koma ndani amayeza mgolo nyama ya nkhosa ili patebulo? A Profir anauzungulira, naugogoda, nanong'oneza kuti thundu la ku France limamveka ndi kulira kwake. Zinaida, amene anaitanidwanso, anauyang'ana nthawi yaitali, kenaka anamwa vinyo wake. A Tanas anavina ndi mwendo umodzi.

Nkhani inaululika chisanu chitayamba. Mayi Stepanida anakwera kudenga kukatenga anyezi, napeza pamene pankakhala matabwa a bokosi la maliro la amuna awo pali fumbi lokha. Anali matabwa a thundu la kwathu konkuno, amene mkuluyu anawaumitsa zaka zambiri monga amachitira okalamba osafuna kuvutitsa ana. Mawu a mayiwo anamveka mpaka kumsika.

"Nkhalamba yopanda nzeru iwe, tsopano tidzakuika m'chiyani?"

"Ndani wakuuza kuti ndikufa? Ndikudikira mpanda uja uyambe wagwa."

Mwendo uja anaupweteka pogwa pamakwerero, potsitsa matabwawo okha kuti mkazi wawo asadziwe. Mgolo wa thundu la ku France ukadali pakona paja m'Zoni, ogwira ntchito amaikapo zipewa. A Tanas sanatulutse thabwa ngakhale limodzi pachipata.