Kamalo ka M'mphepete mwa Msewu

Bambo anga ankayesa malo ndi chikhatho. Akafika pamalo achilendo ankatapa dothi, kulifinya, kulinunkhiza, kenako n'kugamula. Kwathu ku Tsangano njira imeneyi sinawanamizepo, poti kumeneko munthu amalemera ndi kachewere. Vuto ndi loti anainyamula n'kupita nayo pa boma.

Amalume awo pomwalira anawasiyira kamalo pa Ntcheu, m'mphepete mwa msewu waukulu, pafupi ndi poima mabasi. Kanali kakang'ono, kamiyala, kokhala ndi nyumba ya zipinda ziwiri. Tinasamukira pomwepo. Mayi anaika chiwaya pakhonde, ndipo tchipisi chawo chinkatha dzuwa lisanapendeke. Bambo okha ndi amene ankangodandaula za fumbi, mahutala, ndi nthaka yoti ngakhale bonongwe ankaikana.

Pafupi nafe panali Msilamu wina wagolosale, munthu waulemu. Iye anali ndi malo aakulu kumunsi kwa tauni, cha kumtsinje, omwe anagula kwa eni mudzi. Tsiku lina anawauza bambo kuti asinthane. Sanatibere, chilungamo ndinene. Ananena poyera kuti akufuna pomwe pamadutsa anthu. Bambo anakaona malowo ndipo anabwera ndi dothi lakuda m'thumba la jekete, akumwetulira ngati apeza mkazi wachiwiri.

"Abambo, kumeneko adzandigula ndani?" anafunsa mayi.

"Tizidzadya zolima tokha. Kodi fumbi mungaphike?"

Nkhani inathera pomwepo. Tinasinthana malo n'kusamukira kumunsi.

Zaka zoyamba bambo ankaoneka olondola. Chimanga chinkachita kudzaza nkhokwe, kabichi mitu ngati ndowa. Akapita kumsika ankadutsa dala pa kamalo kathu kakale n'kumamumvera chisoni mnzawoyo.

Koma tauni inali ikukula. Mabasi anachuluka, msika unasefukira, ndipo aliyense wogulitsa ankalimbirana khomo loyang'ana kumsewu. Wagolosale uja anagwetsa nyumba yathu, anadulitsa lizi, n'kumangapo mashopu, ena pamwamba pa anzake. Cha kumtunda, kumiyala komwe bambo ankati n'kwa mbuzi, aboma anadulako mapuloti, n'kulambula misewu. Madzi ndi magetsi zinafika, ndipo mabwana okhala ndi galimoto anamangako nyumba za mipanda, kufuna bata ndi mphepo yabwino.

Kwathu kumunsiko kunabwera otsala: aganyu, akabaza, amayi ogulitsa makala, anthu ofuna pogona potchipa poti n'kuyenda wapansi kupita kumsika. Eni mudzi ankawadulira tizidutswa popanda wosiya njira. Nyumba zinathinana mpaka madenga kugundana. Mvula ikagwa, madzi onse a m'tauni ankatsikira kwathu, zimbudzi n'kusefukira m'dimba. Chimanga chinkatha ndi akuba chikadali chachiwisi. Nawonso bambo, dzinja lina la njala, anayamba kudula tizidutswa n'kumagulitsa. Mayi anayesa chiwaya chawo pakhomo, koma osauka okhaokha angagulane chiyani? Chiwayacho chinachita dzimbiri.

Chomwe chimandiwawa kwambiri ndi mayi. Miyendo itayamba kuwavuta, sankathanso kukwera chitunda chopita kumsika. Atadwala kwambiri, galimoto inalephera kulowa, ndipo tinachita kuwabereka kumsana mpaka kumsewu. Atachira anapempha chinthu chimodzi chokha.

"Mundipezere kachipinda kumsewu, ndizikhala pakhonde ndikugulitsa ngakhale mtedza. Kuno ndafa ndili moyo."

Bambo anavomera kugulitsa malo otsalawo. Ogula ankabwera ndithu, koma palibe anawerama kutapa dothi. Ankafunsa ngati pali lizi, ngati galimoto imafika, ngati madzi salowa m'nyumba. Mayankho onse anali oipa, ndipo mtengo womwe ankatchula unali wochititsa manyazi.

Komabe tinapita kumsewu, ine ndi bambo, atavala jekete yawo ya kutchalitchi. Wagolosale uja anali atamwalira, mashopu ankayendetsa mwana wake. Anatilandira bwino, anatipatsa mipando ndi tiyi. Bambo anafotokoza kuti akufuna kugula kachipinda kamodzi ka pansi. Mwanayo anati zipindazo sagulitsa, amangochititsa lendi, ndipo pali anthu ambiri odikira. Atatchula lendiyo ndinaona ndekha kuti malo athu onse, ndi mitengo ya mango yomwe, akanatha chaka chisanathe.

Bambo anayang'ana simenti ya pansi.

"Mwana wanga, kodi munathirapo chiyani pamalo pano?"

Sankaseka ayi. Ankafunadi kudziwa.

"Palibe, bambo," anayankha mwanayo motsitsa mawu. "Anthu amangodutsa basi."

Tinatsika chitunda kubwerera kunyumba. Mayi anali pakhomo, atamanga kale zovala zawo m'chitenje. Anayang'ana nkhope ya bambo kamodzi kokha, n'kuyamba kumasula mfundo. Panyumba pomwepo ndi pomwe anamwalirira, osaonanso msewu.