Ngodya Yachinayi ya Bulangete

Kalipentalayu ankadziwa kukhoma denga, koma kusimba nthano ankalephera momvetsa chisoni. Mawu ake anali aukali ngati sowo, ndipo ankathamangira kumapeto ngati basi ikumusiya. Katswiri wa nthano m'nyumbamo anali mkazi wake. Chimwalirireni mayiyo, ntchitoyo inagwera iye, ndipo ana ake atatu sankamuchitira chifundo akalakwitsa.

Madzulo amenewo mtima wake sunali m'malo. Pafupi ndi chitseko panali kachikwama kotseka kale, muli zovala za mzime wake, kamtsikana kosayamba sukulu. Mlamu wake, mng'ono wa malemuwo, anabwera kudzatenga kamwanako kuti azikakhala nako. Chifukwa chake chinali chomveka: bamboyo ankachoka mbandakucha n'kubwera dzuwa litalowa, ndipo sabata yathayo kamwanako kanapsa dzanja pambaula akulu ake ali kusukulu. Bamboyo zinkamuwawa.

"Ababa, nthano," anatero mwana woyamba, mnyamata, osawayang'ana kumaso.

"Lero gonani basi."

"Ndiye kuti mawa?" anafunsa wachiwiri, mtsikana wa pakamwa posachedwa.

Mlamuyo anali pampando pakhomo la chipinda, akusoka batani la diresi la kamwanako. Kalipentala anakhala pamphepete pa bedi n'kuyamba.

Nthanoyo inali imodzi yomweyo masiku onse. Malemuwo anaimanga pa mwambi umodzi wonena za kugwirizana, ndipo anaipanga kuti ana azigwira nawo ntchito. Munthu wina wodzikonda anamangira denga pansi, n'kufuna kulikweza yekha pamwamba pa zipupa. Denga linali bulangete lawo lofiira. Akalephera, ankapita kukagogoda kwa mnansi, ndipo mwana mmodzi ankagwira ngodya. Akalepheranso, ankagogoda kwina. Wosimba ankakhala mphepo, kukankha bulangete kuchokera pansi, ndipo mawu ankayenera kumatsika pang'onopang'ono kuti tulo tibwere. Pamapeto ngodya zonse zinkakwera, mwambi n'kunenedwa. Unali wa mawu anayi, aliyense wogwira ngodya ndi liwu lake. Lomaliza linali la mayi awo. Chichokereni iwo, ngodya yachinayi inkangolendewera, mwambi n'kumathera m'malere. Bamboyo sankatha kulitchula liwulo.

"Go, go, go," anagogoda pamutu wa bedi. Mnyamata anagwira ngodya yake.

"Mwadumpha potuluka thukuta," anatero wachiwiri.

Anabwerera, munthu uja anatuluka thukuta, kenako anagogodanso. Mtsikana anagwira yake. Singano ya mlamu inali itaima. Kalipentala anaona zimenezo. Anaopa kuti mlamuyo aganiza kuti akuwatuma anawo kuti amumvetse chisoni, chonsecho iye sanawauze kanthu.

Anagogoda kachitatu. Kamzime sikanatambasule dzanja.

"Gwira, iwe," ananong'oneza mnyamata.

"Ayi. Muyesere awiri," kanatero. "Mawa kulibe ine."

Sikanali kulira. Kanangopinda manja, dzanja la bandeji lili pamwamba, kudikira kuti kaone. Awiriwo anakweza. Bulangete linapendekeka n'kugwera bambo awo kumutu, asanayambe n'komwe kukhala mphepo. Tsiku lina akanaseka mpaka kugwa pabedi. Lero kunangoti zii.

Kalipentala anakhala momwemo, mumdima wa bulangete, manyazi ndi chisoni zitamugwira. Munthu wokhoma madenga a anthu ena, lake likumuphwasukira m'manja. Anafuna kunena kuti nthano yatha.

Kenako anamva mpando ukukhwekhwerezeka.

"Simukudziwa kusimba, alamu," anatero mlamuyo. "Achemwali ankati wachinayi sagogoderedwa. Amabwera yekha ataona anzake akuvutika."

Ngodya ya kumiyendo inanyamuka. Kamzime kanawayang'ana amayi ake aang'onowo kwa kanthawi, kenako kanagwira yake ndi dzanja labwinolo. Kalipentala anauzira mphepo yake yoipa ija, kukankha uku ndi uku, denga osagwa. Mnyamata ananena liwu lake, mtsikana lake, kamzime lake. Panali kachete kamene anazolowera, ndipo mlamuyo anamaliza. Mawu ake anafanana ndi a mkulu wake moti mnyamata uja anabisa nkhope m'pilo.

Ana atagona, awiriwo anatulukira pabalaza. Kachikwama kanali pomwe paja.

"Za mbaula zija sindinasinthe maganizo," anatero mlamuyo. "Mwanayu sangamatsale yekha."

"Ndikudziwa, alamu."

Mayiyo anatsegula kachikwama, natulutsa mswachi wa kamwanako n'kukauika m'kapu momwe munali ina itatu.

"Makina anga osokera akhoza kukwana pawindo apo, ndizimuyang'anira konkuno. Koma mpando wanuwu ukugwedera. Kalipentala wanji inu?"

"Ndiukonza mawa," anayankha, akupukuta m'maso ndi chikhatho.