Chithunzi cha pakhoma la a Hezron

A Hezron Mkandawire ankajambula zithunzi pa boma la Rumphi m'zaka zija munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi la chipani. Anali bambo wamfupi, wolongolola ngati wailesi, ndipo asanakujambule ankakuwongola khosi mpaka limve kuwawa. Tinkawakonda choncho. Pakhoma la situdiyo yawo panali chithunzi chomwe ankachipukuta m'mawa uliwonse: iwo ndi malemu akazi awo, a Muriel, ataima moyandikana.

Tsiku lina kunabwera a Manasseh Gondwe, mkulu wa mpingo wa ku Mwazisi, nkhope ili ndwii. Pambuyo pawo panali mwana wawo Nelly, maso atatupa ndi kulira. Nelly anali pa chitomero ndi Gordon, mphunzitsi wochokera ku Dedza, koma munthu wina wanjiru anali ataponya chithunzi pakhomo pawo: Gordon ali mu suti, pambali pake mkwatibwi wina. A Manasseh ankafuna chikulitsidwe, akachionetse ku mpingo, chitomero chithe.

A Hezron anachiyang'ana ndi galasi lokulitsira zinthu n'kupukusa mutu. Anati mutuwo unali wa Gordon koma thupi la eni ake. Mkwatibwi dzuwa linamuomba kumanja, Gordon kumanzere, ngati tsikulo kunatuluka madzuwa awiri. Nkhope ya Gordon inali yachimbuuzi pomwe mabatani a suti ankaoneka bwinobwino, ndipo pakhosi panali kamzera ka pomwe panadutsa lezala. Wina anadula, n'kumata, n'kujambulanso.

A Manasseh sanamve. Anati kamera ilibe pakamwa ponamira, ndipo zimenezo zinali nkhambakamwa za munthu wofuna kuikira kumbuyo mlendo. Anatola chipewa chawo.

Apo a Hezron anatembenukira kukhoma. Anatsitsa chithunzi chawo chija n'kutsegula kumbuyo kwa felemu. Munali kakatoni, pomwe panamatidwa anthu awiri odulidwa pa zithunzi zosiyana.

"Onani, adada. Ine ndi Muriel sitinajambulitsepo limodzi. Zaka zonse zija ine ndinali kuseri kwa kamera, ndikuti tidzajambulitsa mawa. Atamwalira ndinachita kumata ndekha."

Ine, amene ndinali m'situdiyomo tsikulo, ndinamva chisoni, pakuti boma lonse tinkachikhulupirira chithunzi chimenecho, ndipo iwo ankakondwa tikamachiyamikira. A Manasseh anayang'ana kakatoniko nthawi yaitali, n'kuyang'ananso pakhosi pa Gordon. Chipewa chija anachibwezera pa benchi.

"Yewo chomene," anathokoza a Manasseh motsitsa mawu.

Ukwati unachitika atakolola fodya. A Hezron anajambula tsiku lonse, akukalipira aliyense wopinda khosi. Pomaliza anagwira a Manasseh pamkono n'kuwaimika pafupi ndi akazi awo, omwe ankathawira kukhitchini ati sanavale bwino.

"Imani pomwepo, amama," anatero a Hezron. "Za mawa ndinasiya."