Mzere Womaliza pa Mndandanda wa Gemu ya Mbuzi

Anthu amamutcha Mayi Mndandanda, chifukwa ngakhale sopo sagula asanalembe papepala. Anagwira ntchito mufamase zaka khumi, mpaka mlongo wake wamng'ono anamunyengerera kuti asiye, adzathandize pa gemu imene ankapanga ndi mnzake wojambula. Inali gemu ya pakompyuta, ya mbuzi yodumpha pamadenga. Mayiyu zamakompyuta sankazidziwa kwenikweni, koma cholakwika sichinkamudutsa.

Ankagwirira ntchito m'kachipinda kuseri kwa shopu ya telala, matebulo atatu ndi fani yolira ngati njinga yakutha. Mlongo uja anamwalira kutatsala milungu isanu kuti gemu ituluke pa sitolo ya pa intaneti, tsiku atalengeza kale. Maliro atatha, mayiyu anangofikira pampando n'kutenga mndandanda umene malemuwo analemba pamanja. Sankamva chisoni. Sankamva chilichonse.

Mzere woyamba unali wa zithunzi zisanu za gemu ikuseweredwa: anabweza ziwiri, chifukwa pakona pankaoneka timanambala timene opanga amayesera liwiro. Wojambula anazikonza. Anachonga. Kavidiyo kotsatsira kayambe ndi mbuzi ikudumpha, osati dzina la kampani. Anachonga. Gemu yoyesera inapita kwa anthu khumi ndi awiri, atatu n'kupeza kuti mbuzi imakanirira m'khoma pa gawo lachinayi. Wojambula uja, amene pulogalamu ankangoidziwa pang'ono, analimbana nazo masiku awiri mpaka zinatheka. Mayiyu anachonga.

Unatsala mzere umodzi: "Chotsani mawu anga, ndi onyansa."

Paja mbuzi ikagwa padenga inkalira kuti "Mayo ine!" ndi mawu a malemuwo, ojambulidwa pafoni akuseka, ongogwirizira mpaka apeze katswiri wa mawu. Katswiriyo anali atatumiza kale ake.

"Asisi, tingowasiya," anatero wojambula. "Oyesa aja akuti amawaseketsa."

"Analemba kuti tichotse."

"Ankangocheza."

"Pamndandanda sankacheza. Ndinamuphunzitsa ndine."

Nthawi yokangana panalibe, chifukwa a sitolo amatenga masiku angapo akuunika gemu asanaivomereze. Wojambula anasintha mawuwo, mugemu ndi mukavidiyo momwe, n'kumupatsa kuti ayese. Mayiyu anayendetsa mbuzi mpaka kumapeto kwa denga, n'kuisiya igwe. Inalira bwino kwambiri, mawu osalala, a munthu amene sanamuonepo. Anachonga, natumiza gemu ku sitolo.

Wojambula atatuluka kukagula chakudya chamasana, mayiyu anatsegula gemu yoyesera yakale imene inatsala pakompyuta ya mlongo wake. Anagwetsa mbuzi. "Mayo ine!" Anaigwetsanso. Kumapeto kwa mawuwo kumamveka kampweya ka munthu amene akuyamba kuseka, pomwe malemuwo anadula molakwika. Pa ntchito yake yonse yosaka zolakwika, chimenechi anali asanachimvepo.

Anatenga cholembera kuti achilembe pamndandanda, mwa chizolowezi. Pepala linali litadzaza. Anangokhala chogwira cholemberacho, mbuzi itaima pamwamba pa denga kudikira.